Pachiundo: Ulendo wa ku Ngome ndi Maganizo a Victor Turner

M'chaka cha 1909, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Arnold van Gennep anaonetsa kuti miyambo yosintha munthu imakhala ndi magawo atatu: kupatulidwa, kukhala pakatikati, ndi kubwerera pakati pa anthu. Victor Turner, amene anafufuza za Andembu a ku Zambia, anazamitsa gawo lapakatilo. Gawoli limatchedwa liminaliti, kuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza chiundo cha pakhomo. Kwa ife izi si zachilendo. Namwali ali kutsimba salinso mwana, koma sanafikenso pa ukulu.

Mu 1978, Turner ndi mkazi wake Edith anati maulendo a ku malo oyera ali ndi khalidwe lomweli, kungoti munthu amapita mwa kufuna kwake. Anati panjira maudindo amavulidwa, ndipo pamabadwa umodzi wa anthu ofanana umene anautcha komyunitasi.

Ndinayesa ganizoli pa ulendo wa Akatolika a ku Rosettenville, ku Joni, wopita ku Ngome, m'chigawo cha KwaZulu-Natal, malo oyera amene anakhazikitsidwa chifukwa cha Sisitere Reinolda May, amene anati Mariya anayamba kumuonekera mu 1955. M'basimo munali Amalawi, Azulu ndi a ku Kongo. Azakhali anga, amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton, anakhala mpando umodzi ndi mayi wina wachizulu wa bizinesi yake. Usiku onse anafunda bulangete limodzi, ndipo korona anapemphera molandizana, wina Chizulu wina Chichewa. Pa akasupe tonse tinaima pamzere umodzi, zigubu m'manja, mapazi ali matope okhaokha. Palibe anafunsa mnzake za mapepala. Apa Turner ananena zoona.

Komabe John Eade ndi Michael Sallnow, mu 1991, anatsutsa ganizoli ponena kuti malo oyera ndi bwalo la mikangano, pamene aliyense amabwera ndi tanthauzo lake. Nazonso ndinaziona. Nyimbo zambiri zinali za Chizulu, yathu inalowa kamodzi. A ndalama anagona m'zipinda, ena tinapinda miyendo m'basi.

Chimene ndikuona kuti mbali zonsezi sizinafikepo ndi ichi. Turner ankaganiza za munthu wochoka pamalo pokhazikika. Mmalawi wa ku Joni alibe malo otero. Wakhala pachiundo zaka, kumudzi amati ndi mtchona, kuno amati ndi mlendo, chiphaso chake chikudikira kusainidwa. Kwa iye ulendowu sukumuchotsa m'moyo wokhazikika. Ukungochititsa kuti kwa masiku awiri eni dziko nawonso akhale alendo ngati iye, n'chifukwa chake umodziwo umamukoma kuposa ena.

Gawo lachitatu la van Gennep ndiye losakwanira kwa iye. Namwali amatuluka ndi ulemu watsopano. Azakhali anatsika basi Lamulungu usiku, chigubu cha madzi pamutu, ndipo Lolemba m'mamawa anali pamzere wa takisi, akulankhula motsitsa mawu kuti Chichewa chawo chisamveke.