Nyale ya sola: mwana awerenge ngakhale magetsi azime

Onerani mpaka kumapeto, ndi masekondi 40 okha. Tinajambula kanemayu ku Chinamwali cha m'ma 7 koloko madzulo, magetsi atazima, ndipo sitinayatse tochi ya foni kapena kuwalitsa chithunzi pambuyo pake. Zomwe mukuonazi ndi momwe m'nyumbamo munalili.

Poyamba muona mtsikana wa Sitandade 8 akuwerenga ndi kandulo. Yang'anitsitsani pakope pake. Akangogwira cholembera, mthunzi wa dzanja lake ukuphimba mzere womwe akufuna kulembapo, ndiye akuweramira pafupi mpaka tsitsi kutsala pang'ono kukhudza lawi. Kamphepo kakalowa kunsi kwa chitseko, lawi likugwedezeka, zilembo nazonso zikuvina. Mwana wowerenga chonchi sachedwa kutikita m'maso, kenako mumamva "amayi, ndatopa." Ambiri timati ndi ulesi, chonsecho ndi maso atopa.

Pa sekondi 15 amayi ake akuzimitsa kanduloyo n'kuyatsa nyale ya sola. Tsamba lonse likuoneka, kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndi timanambala tating'ono ta samu zogawa tomwe. Mwana waweramuka, wakhala bwino pampando. Mlongo wake wamng'ono, amene sitinamuitane n'komwe, wabwera yekha ndi buku lake n'kukhala mbali inayo ya tebulo. Sitinamudule m'kanemamu chifukwa waonetsa zomwe ife tikanavutika kufotokoza: nyale imodzi ikukwanira ana awiri patebulo limodzi.

Phindu lake ndi limeneli basi. Madzulo aliwonse mwana ali ndi kuwala kokhazikika kowerengera, kaya magetsi alipo, kaya azima, kaya kwanuko mawaya sanafike.

Bungwe la mayeso la MANEB lili konkuno ku Zomba, koma sikuti ana a kuno amawachitira chifundo pochonga. Wa ku Sadzi, wa ku Thondwe, wa ku Jali kapena wa ku Kachulu kufupi ndi nyanja ya Chilwa amalemba pepala lomwelo lomwe akulemba mwana wa m'nyumba ya jeneleta. Masana mwana amakhala kusukulu, akaweruka kuli kutunga madzi, kutsuka mbale, kulera mng'ono wake. Nthawi yake yowerenga ndi ija ya pambuyo pa nsima, ndipo ndi nthawi yomwe mdima umamulanda.

Kagwiritsidwe ntchito kake n'kosavuta. M'mawa tulutsani nyale, ikani kapanelo kakuda kali kumsana kwake moyang'ana dzuwa. Kapaneloko kamasandutsa dzuwa kukhala moto womwe umasungidwa mu batire ya m'kati. Madzulo dinani batani limodzi lomwe lili pamwamba. Mukadina kamodzi imawala pang'ono, kokwanira podyera, ndipo mukadinanso imawala kwambiri monga mukuonera m'kanemamu. Ikakhala padzuwa tsiku lonse, pa kuwala kwambiriko imatha maola pafupifupi 4. Mwana akayamba 7 koloko, tulo timupeza nyale isanathe moto. Mwendo wake wachitsulo umapindika, choncho mutha kuloza kuwala pabuku penipeni osati m'maso mwake.

Tisakunamizeni pa za nyengo. Aliyense wa kuno amadziwa chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, pamene phiri la Zomba limabisala mu nkhungu tsiku lonse. Masiku otero batire sidzaza bwino. Itulutsenibe, chifukwa imatolako pang'ono ngakhale kuli mitambo, ndipo masiku amenewo isungireni owerenga, musaiyatse kukhitchini kuyambira dzuwa litangolowa. Miyezi yozizirayi dzuwa limadutsira chakumpoto, ndiye kapanelo kapendekereni komweko. Musaiike pansi pa mtengo wa mango poopa akuba n'kumadabwa kuti sikuchedwa kuzima. Fumbi la mu Okutobala nalo limatchinga dzuwa, kapukuteni ndi kansalu kofewa.

Wina anatifunsa kumsika kuti, "Achimwene, nanga si tochi ya foni imawalanso?" Imawala ndithu. Koma foniyo ndi ya abambo, imalira pakati pa samu, ndipo mwana akaigwira m'manja tonse tikudziwa kuti buku limatsekedwa.

Tikupezeka pafupi ndi msika waukulu wa Zomba kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, ndipo tsiku la msika timafikanso ku Songani ndi ku Thondwe. Bwerani ndi buku la mwana wanu, lija la zilembo zing'onozing'ono. Tili ndi katoni yomwe timaika nyale m'kati kuti mukhale mdima, musuzumiremo muwerenge nokha musanatulutse ndalama. Amene muli kutali tilembereni uthenga, tikuuzani mtengo ndi momwe tingakutumizireni pa minibasi.