Ngongole ndi Loto: Kusanthula Mawu a Martin Luther King a mu 1963

Ntchito ya phunziro la luso loyankhula pagulu, Ulongwe, Angonia

Pa 28 Ogasiti 1963, M'busa Martin Luther King anayankhula kwa anthu pafupifupi 250,000 ku Washington, ataima pa chipilala chokumbukira Abraham Lincoln, pulezidenti wakale wa Amereka. Ambiri amakumbukira gawo la loto lokha, pamene ankanena kuti "ndili ndi loto". Ine ndikuona kuti lotolo linagwira mitima chifukwa mbusayo anayamba watsimikizira anthu kuti pali ngongole yosabwezedwa.

Aristotle, katswiri wa nzeru wa ku Girisi wakale, anati woyankhula amakopa anthu m'njira zitatu: mbiri yake (etosi), mfundo zomveka (logosi) ndi kukhudza mtima (patosi). Za etosi sindichulutsa. King anali mbusa wa Baptist wazaka 34, ndipo ankayankhula ngati ali pa guwa. Anabwereka mawu a mneneri Amosi 5:24, akuti chilungamo chiyende ngati madzi, mawu amene omvera ake anakula nawo m'tchalitchi.

Pa logosi m'pamene pagona nkhani. Iye anakumbutsa kuti Lincoln anasaina chikalata chomasula akapolo mu 1863, kenako ananena kanayi kuti "patapita zaka 100", ndipo ulendo uliwonse anawonjezapo bala lina: munthu wakuda sanamasukebe, wamangidwa ndi tsankho, akukhala pa chilumba cha umphawi pakati pa nyanja ya chuma, ndi mlendo m'dziko lake lomwe. Kubwereza kumeneku kuli ngati kuwerengetsera wangongole miyezi imene yadutsa. Ndipo akunenadi za ndalama: akuti Amereka inapatsa anthu akuda cheke chimene chinabwerera ku banki chitalembedwa kuti ndalama n'zosakwanira. Mlimi aliyense wa kuno amene anaperekapo fodya wake n'kupatsidwa kapepala m'malo mwa ndalama, n'kumayendera malipiro mpaka mvula kugwa, safunika kumumasulira fanizoli.

Atakhazikitsa mlanduwo, m'pamene akubwereza "ndili ndi loto" maulendo 8. Pano pa patosi sakutsutsananso ndi munthu, akujambula zithunzi: ana a akapolo ndi ana a eni akapolo atakhala pa tebulo limodzi ku mapiri ofiira a Georgia, ndiponso ana ake anayi akuweruzidwa ndi khalidwe lawo, osati khungu. Potchula ana ake, mtsogoleri wasanduka bambo, ndipo kholo lililonse likudziona mwa iye.

Nditawerenga ndimeyi mokweza pakhonde, agogo anga anati zikuwakumbutsa misonkhano ya Samora Machel, pamene ankafuula kuti nkhondo ikupitirira, khamu n'kuvomera. Anandithandiza kuona chimene pepala limabisa: mawu obwerezedwa amapatsa omvera poyankhira. M'mawu amene anajambulidwa tsikulo mumamveka anthu akuvomera pakati pa ziganizo, monga timachitira mlaliki akafika pachimake.

Pali chofooka chimodzi. Gawo la loto silinena lamulo loti lisinthidwe, choncho n'losavuta kulitchula popanda ngongole ija. Koma amene anasonkhana tsikulo anabwerera ntchito ndi ufulu, ndipo lamulo loletsa tsankho m'malo a anthu onse linasainidwa mu Julayi 1964.