Mafunso Okonzekera Mayeso: Kholingo ndi Maneva Ake

Ophunzira a chaka chachiwiri, nawa mafunso asanu ndi awiri oti muyeserere mayeso a Lachisanu asanafike. Phimbani mayankho ndi pepala, mudzipatse mphindi 10. Funso lililonse lili ndi yankho limodzi lolondola. Ndikati "neva" ndikunena mtsempha wonyamula uthenga, osati wa magazi, ndipo "kholingo" pano ndi laringisi, chiwalo chotulutsa mawu chija.

Funso 1. Ndi chichereŵechereŵe chiti cha kholingo chimene chimazungulira njira ya mpweya ngati mphete yosaduka?

A. Thairoyidi
B. Kirikoyidi
C. Epigulotisi
D. Aritenoyidi

Yankho ndi B. Kirikoyidi ili moyang'anizana ndi fupa la khosi la C6, pomwe kholingo limathera ndipo tirakiya imayambira. Thairoyidi ndi yaikulu, koma kumbuyo kwake n'kotseguka. Zichereŵechereŵe zonse zilipo 9: thairoyidi, kirikoyidi ndi epigulotisi zili chimodzichimodzi, pomwe aritenoyidi, konikuleti ndi kuneyifomu zili ziwiriziwiri.

Funso 2. Ndi mnofu uti umene umatalikitsa tizingwe ta mawu kuti mpweya ulowe?

A. Kirikothairoyidi
B. Kiriko-aritenoyidi wa m'mbali
C. Kiriko-aritenoyidi wa kumbuyo
D. Thairo-aritenoyidi

Yankho ndi C. Ndi wokhawo umene umatsegula. Wa m'mbali uja umatseka, ndipo mayina awiriwa amasokoneza ophunzira chaka ndi chaka. Onse awiri amalamulidwa ndi neva ya rikarenti. Musaiwale mnofu uwu, tiufunanso pa funso 6.

Funso 3. Mayi wa zaka 34 amene amaimba kwaya anachitidwa opaleshoni ya chithokomiro. Akulankhula bwinobwino, sakutsamwa, koma mawu okwera sakuwafikanso ndipo mawu ake akutopa msanga. Ndi neva iti yavulala?

A. Rikarenti ya kumanzere
B. Nthambi ya mkati ya supiriya laringiyo
C. Nthambi ya kunja ya supiriya laringiyo
D. Haipogulosa

Yankho ndi C. Nthambi ya kunja imapita ku mnofu umodzi wokha wa kholingo, kirikothairoyidi. Mnofuwu ukakoka, thairoyidi imaweramira kutsogolo, tizingwe ta mawu timatalika n'kukungika ngati nsambo ya gitala, mawu n'kukwera. Minofu ina yonse ya mkati mwa kholingo ndi ya rikarenti. Nthambiyi imayenda moyandikana ndi mtsempha wa magazi wa supiriya thairoyidi, n'chifukwa chake dokotala amamanga mtsemphawo pafupi kwambiri ndi nsonga ya chithokomiro, pamene neva yapatuka kale. Ikanakhala rikarenti, mawu akanasasa. Chimandiwawa n'chakuti vuto ili limaphonyedwa kawirikawiri, poti wodwala akayankha moni amamveka ngati ali bwino. Woimba kapena mphunzitsi yekha ndiye amadziwa chimene wataya, choncho muzifunsa.

Funso 4. Mnyamata wa zaka 19 walasidwa ndi munga wa nsomba mu pirifomu fosa. Pouchotsa, neva imene ili pansi pa khungu lofewa la pamalopo yavulala. Chotsatira chake n'chiyani?

A. Kusamva kukhudza pamwamba pa tizingwe ta mawu
B. Kusamva kukhudza pansi pa tizingwe ta mawu
C. Kufa kwa mnofu wa kirikothairoyidi
D. Kufa kwa theka la lilime

Yankho ndi A. Imeneyi ndi nthambi ya mkati ya supiriya laringiyo, imene imalowa poboola nembanemba ya thairohayoyidi pamodzi ndi mtsempha wa magazi wa supiriya laringiyo. Tizingwe ta mawu ndiye malire: kumtunda kumamva ndi nthambi iyi, kumunsi kumamva ndi rikarenti. Khomo la kholingo likachita dzanzi, munthu satsokomola chakudya chikasochera, ndiye chimatha kutsikira m'mapapo.

Funso 5. Bambo wa zaka 62 amene wasuta fodya kwa zaka 40 wakhala ndi mawu osasa kwa miyezi iwiri. Poyang'ana m'kholingo, mulibe chotupa, koma kachingwe ka mawu ka kumanzere sikakuyenda. Neva yokhudzidwayo imakhota pansi pa chiyani?

A. Mtsempha wa sabukileviyani wa kumanzere
B. Uta wa ayota
C. Mtsempha wa karotidi
D. Fupa la hayoyidi

Yankho ndi B. Apa ndipo ndikufuna muchedwepo, chifukwa amene wamvetsa ulendo wa neva iyi safunikanso kuloweza. Maneva onse a kholingo ndi ana a vegasi, neva ya 10 yochokera ku ubongo. Kumanja, rikarenti imapatuka m'munsi mwa khosi, n'kukhota pansi pa sabukileviyani. Kumanzere imatsika mpaka m'chifuwa, n'kukhota pansi pa uta wa ayota, pafupi ndi ligamentamu ateriyozamu. Kenako zonse ziwiri zimabwerera kumtunda kudzera mumpata wa pakati pa tirakiya ndi njira ya chakudya.

Njira yokhotayi imayamba mwana akadali m'mimba. Mwa mluza, rikarenti ndi neva ya uta wa 6 wa faringisi, pomwe supiriya laringiyo ndi ya uta wa 4. Mtima ukamatsikira m'chifuwa, mitsempha ya magazi imakokera neva pansi. Kumanzere mtsempha wa uta wa 6 umatsala ngati dakitasi ateriyozasi, ndiye neva imakodwa pamenepo. Kumanja chigawo chimenecho chimafota, neva n'kukwera mpaka yakodwa pa sabukileviyani, wochokera ku uta wa 4.

Choncho bamboyu vuto lake likhoza kukhala m'chifuwa: khansa ya m'mapapo imene yafalikira ku timwanabere ta pafupi ndi ayota, kapena ayota yofufuma. Mu 1897, Norbert Ortner analongosola za odwala amene mawu awo anasasa chifukwa cha kuning'a kwa valavu ya maitiro ya mtima. Wosuta fodya wa mawu osasa kwa milungu yoposa itatu musamuuze kuti ndi chimfine. Muyang'aneni m'kholingo, mumujambulenso chifuwa.

Funso 6. Atangochotsedwa chubu chopumira pambuyo pa opaleshoni yochotsa chithokomiro chonse, wodwala akubanika ndipo pokoka mpweya pakumveka kaphokoso kolira ngati likhweru. Chifukwa chodziwika kwambiri cha neva n'chiti?

A. Rikarenti ya mbali imodzi
B. Rikarenti za mbali zonse
C. Nthambi za kunja za mbali zonse
D. Nthambi ya mkati ya mbali imodzi

Yankho ndi B. Minofu yotsegula ya pa funso 2 yafooka mbali zonse, ndipo tizingwe taima pafupi ndi pakati. Chonyenga n'chakuti mawu akhoza kumveka ndithu pomwe mpweya ukusowa podutsa. Bwezerani chubu msanga, zikavuta boolani tirakiya. Mbali imodzi yokha ikavulala, mawu amasasa koma munthu amapuma, ndipo pakapita nthawi kachingwe kamoyo kamayesa kufikira kanzake. Malo oopsa pa opaleshoniyi ndi pamene rikarenti imapingasana ndi nthambi za mtsempha wa infiriya thairoyidi.

Funso 7. Mwa anthu ochepa, osafika mmodzi pa 100, neva ya kumanja imachoka pa vegasi n'kulunjika ku kholingo osakhota. Nthawi zambiri izi zimayendera limodzi ndi chiyani?

A. Chithokomiro chachikulu
B. Sabukileviyani ya kumanja yosochera
C. Kusowa kwa kirikoyidi
D. Dakitasi ateriyozasi yosatsekeka

Yankho ndi B. Bwererani ku mluza wa pa funso 5. Mtsempha wa uta wa 4 wa kumanja ukapanda kukula, neva imasowa pokodwa. Sabukileviyani ya kumanja imachokera cha kumapeto kwa uta wa ayota, ndipo kawirikawiri imadutsa kumbuyo kwa njira ya chakudya. Dokotala akaona mtsempha wotere pa chithunzi opaleshoni isanayambe, asafune neva mumpata wa masiku onse. Aiyembekezere chakumtunda, ikubwera mopingasa kuchokera ku vegasi.