Ndondomeko ya pakhomo pathu mwezi wa Ramazani 1447, Dedza

Ndamata pepalali pachitseko cha kukhitchini kuti aliyense aziliona. Chaka chino kusala kwagwera m'Febuluwale ndi Malichi, mvula ili mkati, ana ali pasukulu, bambo anu ali kugolosale. Nthawi za swala ndalembazi n'zongoyerekeza, chifukwa dzuwa lizilowa mofulumirako mwezi ukamapita. Mukamva azana ya kumzikiti, tsatani imeneyo.

3:30 m'bandakucha. Ndidzuka ine ndi achemwali anu kukoleza mbaula. Makala ndi nkhuni zilowe m'nyumba madzulo, za panja zimakhala zonyowa.

3:50. Daku. Aliyense wosala adzuke, ngakhale kuzizire chotani. Sindikufuna kumva zoti "ndadya kale usiku". Wosadya daku ndi amene amayamba kudandaula mutu ikamakwana 11 koloko, n'kukwiyira anzake tsiku lonse. Tizidya phala la mgaiwa lotendera nsinjiro, kachewere wophika kapena nsima ndi nyemba zotsala dzulo. Madzi makapu awiri aliyense, tiyi pambuyo. Usipa wamchere ayi, umabweretsa ludzu. Ikamakwana 4:25 manja akhale atasambidwa.

4:30. Swala ya Fajiri. Bambo ndi anyamata kumzikiti, mutenge tochi poti njira ili ndi matope. Ife pakhomo. Tikatha tiwerenga Kurani mpaka 5:15. Kurani ili ndi majuzu 30, choncho wofuna kuimaliza awerenge juzu imodzi patsiku, masamba anayi pambuyo pa swala iliyonse. Ang'onoang'ono abwereze masura a kumadrasa.

5:15 mpaka 6:00. Ana asukulu agonenso pang'ono.

6:30. Asukulu anyamuke, bambo akatsegule golosale. Ine ndipita kumunda mpaka 10 koloko basi. Ntchito zolemetsa zonse, kuunda mizere ya mbatata, kuchapa, kutunga madzi kumjigo, kupita kuchigayo, zithe dzuwa lisanakwere. Yotsala idikire mawa.

Agogo sasala chifukwa cha matenda a shuga, ndipo nkhaniyi tinakambirana kale ndi a shehe. M'malo mwake tidyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse. Phala lawo ndi mankhwala 7 koloko, nsima masana. Chitsiriza naye adye pamodzi ndi agogo. Akafuna kuyesera, Loweruka asale mpaka masana, ndipo wina asamuseke.

12:15. Swala ya Zuhuri. Lachisanu bambo atseka golosale 11:30 kuti akapeze khutuba ya Juma isanayambe.

1:00 mpaka 2:30 masana. Kugona. Wailesi izime, foni ikhale patebulo. Usiku tikugona maola asanu ndi theka okha, ndiye tulo timeneti n'tofunika ngati chakudya. Ochokera kusukulu mochedwa agone ngakhale theka la ola. Bambo, mnyamata wamkulu akafika azikulandirani pagolosale, inu mukatsamire kuseri.

3:15. Swala ya Asiri, kenako ang'ono kumadrasa.

4:00. Kuphika. Nkhwani, maungu ndi bowa zilipo nyengo ino, sitigula nyama tsiku lililonse. Nkhuku Lachisanu lokha. Chimanga chakwera mtengo, tiziphika zoti zithe. Mbale imodzi ipite kwa amayi amasiye a kuseri kwathu isanakwane 5:45.

5:50. Tonse pamkeka, titachita kale udhu. Ino ndi nthawi ya duwa, osati yokanganirana malo.

6:10 kumayambiriro, cha m'ma 5:55 kumapeto kwa mwezi. Futari. Tende ngati alipo, apo ayi nthochi ndi madzi, kenako kapu ya phala. Tiswali Magharibi, nsima ibwere pambuyo. Musakhute mpaka kulephera kuwerama.

7:20. Isha ndi Tarawehe. Mbale zitsukidwe tisanapite. Anyamata azitsuka Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, atsikana masiku enawo. Mvula ikakula tiswalira pabalaza, bambo atsogolere.

8:45. Achemwali anu a Fomu 4 awerenge mpaka 9:45, chifukwa mayeso a MSCE sadikira. Pachifukwa chimenechi ndawachotsa pa ntchito yotsuka mbale, ndipo wina asang'ung'udze. Nyali ya sola ikhale padzuwa usana wonse kuti magetsi akazima asasowe powerengera. Aliyense amwenso madzi asanagone.

10:00. Nyali zonse zizime.

Masiku 10 omaliza tizidzuka 2:30 kuswali, makamaka usiku wa 21, 23, 25, 27 ndi 29 pofunafuna Lailatul Kadri, ndipo kumunda ndizipita masiku atatu okha pamlungu. Zakatul Fitri ya anthu tonse asanu ndi atatu, agogo ndi chitsiriza omwe, iperekedwe swala ya Idi isanachitike. Bambo, chonde yambani kupatula chimangacho tsopano, chisasakanikirane ndi chodya.