Manotsi a maantibayotiki: zoti tibwereze mayeso a Lachisanu asanafike

Anzanga a gulu lathu, osaloweza mankhwala mmodzimmodzi mutopa nazo, ingogwirani komwe gulu lililonse la mankhwala limamenya bakiteriya: khoma, fakitale ya mapuloteni, DNA kapena foleti. Kenako dzifunseni kuti ndisanapereke ndifunse chani.

Omenya khoma: mapenisilini ndi masefalosipolini

Awa amaletsa bakiteriya kumanga khoma la selo ndiye imangophulika. Muli benzailo penisilini, amokisilini, kulokisasilini, sefitiriyakisoni. Zovuta za tsiku ndi tsiku ndi ziwengo, nseru ndi kutsegula m'mimba, koma choopsa ndi anafilakisisi: milomo kutupa, kubanika, BP kugwa. Ndiye funso loyamba lisakhale loti "muli ndi alaji?" chifukwa agogo aja angoti ayi mwaulemu, afunseni kuti "munayamba mwatupapo kapena kutuluka zidzolo mutabayitsa jakisoni?" komanso onani mu buku lakuchipatala. Adirenalini akhale pafupi musanabaye, wamkulu ndi 0.5 mg ya 1:1000 pa mnofu wa ntchafu.

Benzathini penisilini wa chindoko uja, mayunitsi 2.4 miliyoni, ndi wa pa mnofu mozama basi, mu mtsempha ayi zivute zitani. Kulokisasilini amwe m'mimba mulibe kanthu. Sefitiriyakisoni sagwirizana ndi kashiyamu, ndiye osamusakaniza kapena kumuyendetsa laini imodzi ndi Ringazi lakiteti, ndipo kwa khanda lachikasu funsani kaye adokotala. Amene anakomokapo ndi penisilini, sefalosipolini nayenso tisamale naye.

Jentamaisini

Apa ndiye pamakonda kuchokera mafunso. Ndi aminogulaikosaidi, amamata pa 30S ya raibosomu, fakitale ya mapuloteni ija, mapuloteni amatuluka olakwika bakiteriya nkufa. Amawononga impso ndi makutu, ndipo ugonthi wake nthawi zambiri subwerera. Dozi imatengera sikelo, ndiye peshenti ayezedwe, zongoyang'ana ndi maso kuti mwanayu ndi wa makilo 10 zija ayi. Onani kiriyetinini ngati labu yatulutsa, onaninso mkodzo, wamkulu ukatsika pansi pa 0.5 ml pa kilo pa ola dikirani kaye muuze adokotala. Peshenti akati makutu akulira kapena ali ndi chizungulire musamuuze kuti ndi njala. Akakhalanso pa furusemaidi chiopsezo cha makutu chimakwera. Ndipo ngakhale amalembedwa limodzi ndi benzailo penisilini, sirinji imodzi ayi, penisilini amamufoola, tsukani kanyula pakati.

Dokisisaikilini nayenso ndi 30S koma amangoletsa bakiteriya kuswana. Mayi woyembekezera ndi mwana wosakwana zaka 8 timapewa chifukwa cha mano ndi mafupa. Amwe ndi madzi ambiri asagone kwa mphindi 30, apo ayi amawotcha kummero. Mapiritsi a ayironi, maginiziyamu wa chilungulira ndi mkaka zimamumanga m'matumbo, zitalikirane ndi maola awiri kapena atatu. Dzuwa limawaulanso khungu.

A pa 50S

Erithiromaisini ndi azithiromaisini, mamakirolaidi, ndi othawirako penisilini akakanika. M'mimba mumapotokola makamaka ndi erithiro, amatalikitsanso QT ndiye funsani za mtima ndi mankhwala ena omwe akumwa. Kuloramufeniko amafooketsa mafuta a m'mafupa, onani kuchuluka kwa magazi, ndipo khanda limatha kutuwa nkufooka.

Omenya DNA

Sipurofulokisasini amatsekereza enzaimu yotchedwa DNA jairezi. Kumbukirani mtsempha wa kuchidendene, ukayamba kuwawa asiye abwere, makamaka achikulire ndi omwe ali pa puredinisoloni. Wakhunyu samalani naye. Za ayironi, maginiziyamu ndi mkaka ndi chimodzimodzi dokisi.

Metironidazo, fulajilo uja, amaphwanya DNA ya mabakiteriya osafuna okisijeni komanso amiba ndi tirikomonasi. M'kamwa mumamveka chitsulo, nseru, mkodzo umada. Mowa ayi mpaka padutse maola 48 atamaliza, ndipo tchulani mayina, kachasu, masese, chibuku, poti ena masese sawawerengera kuti ndi mowa.

Bakitirimu

Kotirimokisazo, bakitirimu uja, ndi mankhwala awiri otseka foleti malo awiri otsatizana. Timamuona kwambiri ku kiliniki ya ma ARV, wamkulu 960 mg pa tsiku. Funsani za salufa, wina amaiwala dzinalo koma Fansida amamukumbuka. Zidzolo zikabwera ndi zilonda m'kamwa, maso ofiira ndi kutentha thupi ganizirani Sitivenzi Jonisoni, asiye pompo. Amwe madzi ambiri, amathanso kutsitsa magazi ndi kukweza potaziyamu.

Kwa onsewa: peshenti woyenera, mankhwala, dozi, njira, nthawi, deti yothera ntchito, funsani za mimba ndi kuyamwitsa. Ngati kalicha yalembedwa tengani sampulo dozi yoyamba isanalowe, koma wa sepisisi musamuchedwetse podikira botolo. Sainani pa tchati mukapereka osati musanapereke. Mankhwala a TB abwera mu manotsi a mawa.