Yankho kwa mayi NaPhiri pa za mpunga wa Loweruka

Zikomo mayi NaPhiri, dandaulo lanu loti munapeza miyala mumpunga womwe munagula kwa ife, komanso loti timasakaniza Kilombero ndi mpunga wina, talimva. Ndine NaBanda, mwini malonda ano, ndipo thumba la makilogalamu 5 lomwe munagula Loweruka lija ndinalongedza ndine ndemwe.

Za miyalazo simukunama, pepani ndithu. Sabata yatha tinalandira matumba 12 kuchokera ku Karonga. Nthawi zonse katundu akafika timayamba tapeta ndi kusankha tisanayike pasikelo, chifukwa mpunga woyanikidwa pabwalo sulephera kutola timiyala, ndipo chigayo sichichotsa tonse. Ulendo uno maoda a chinkhoswe anatipanikiza, matumba awiri tinangomasula n'kuyamba kuyeza. Lanulo linachokera m'menemo. Sindinganamizire mlimi kapena wachigayo, ulesi unali wathu. Komanso poti munaphikira apongozi, manyazi ake ndikuwadziwa: mlendo wangotapa kamodzi, mwala uli khu! padzino, iwe n'kusowa poyang'ana.

Koma poti timasakaniza Kilombero ndi mpunga wina kuti tibere anthu, pamenepo ndikukana, ndipo ndikukana mwaulemu. Faya timagulitsa inde, koma amakhala m'matumba akeake ndi mtengo wakewake. Ngati fungo linakuchepera, chifukwa chake n'chakuti uwu ndi mpunga wa chaka chatha. Kilombero amanunkhira kwambiri akangokololedwa kumene, ukamuphika mpaka aneba amadziwa, koma akakhalitsa m'thumba miyezi yambiri fungo limanka lizilala. Watsopano timayamba kulandira cha mu Juni. Apa pomwe ndinalakwitsa n'poti sindinakuuzeni zimenezi pogula.

Ndiye tichite chonchi. Bweretsani mpunga wotsalawo pashopu ku Area 25, kaya watsala theka zilibe kanthu, tikupatsani makilogalamu 5 ena opetedwa bwino, tiyeza inu mukuona. Mukafuna ndalama zanu, tibweza zonse pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lomwelo. Ngati kubwera kukuvutani, imbani nambala yomwe munatumizirapo ndalama ija, mnyamata wathu wakabaza adzakupezani kunyumba, ulendowo tilipira ife.

Ena onse amene munagula pakati pa Lachinayi ndi Loweruka n'kupezamo miyala, nanunso bwerani, musachite manyazi. Zotsala za matumba awiri aja tazichotsa pamalonda, atsikana akusankha kuyambira dzulo.

Pempho langa kwa makasitomala athu amene mwayamba kuwayankha mayiwa mokalipa: chonde asiyeni. Anatulutsa ndalama zawo, anapeza miyala m'mbale, ali ndi chifukwa chodandaulira. Ndikudziwa mukutero potikonda, koma mawu ena aja achotseni.

Mayi NaPhiri, timatsegula 7 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, kupatula Lamulungu. Mukafika funsani ine, mawa ndikhalapo tsiku lonse.