Dongosolo langa lowerengera mayeso a CTFL, 1 Juni mpaka 22 Ogasiti

Pepala ili ndalimata pakhoma pafupi ndi tebulo, lina ndasunga mufoni. Ndimagwira ntchito ya ukalaliki pasitolo ya feteleza ndi mbewu pano pa Kasungu boma, kulowa 7:30 m'mawa kuweruka 5 koloko, Loweruka mpaka 12 koloko. Mphunzitsi ndilibe. Ndili ndi laputopu yakale, foni, makope awiri ndi masabata 12. Ndasankha miyezi yozizirayi chifukwa kusitolo kumakhala kopepukirako. Ikafika Okutobala alimi ayamba kugula zipangizo, ndipo sindidzakhalanso ndi mpata wotsegula kope.

Mayeso ake

Ndikufuna setifiketi yoyambira ya oyesa mapulogalamu a pakompyuta, CTFL, ya bungwe la ISTQB. Silabasi ndi ya 4.0 imene inatuluka mu 2023. Mafunso alipo 40, osankha yankho, ndipo wokhoza ndi amene wapeza 26 kapena kuposerapo. Nthawi yolembera ndi mphindi 60, koma ife amene Chingerezi si chinenero chobadwa nacho amatiwonjezera 15, kukhala 75. Zowonjezerazo uyenera kuzipempha polembetsa, osati pa tsiku la mayeso.

Mitu ilipo 6 ndipo mafunso amagawidwa chonchi: mutu woyamba 8, wachiwiri 6, wachitatu 4, wachinayi 11, wachisanu 9, womaliza 2. Mutu wachinayi ndi wachisanu wokha ndi theka la mayeso onse, n'chifukwa chake masabata anga sindinawagawe mofanana. Silabasi imati m'kalasi zonsezi zimatenga mphindi 1,135, pafupifupi maola 19. Amenewo ndi a munthu amene ali ndi mphunzitsi kutsogolo kwake. Ine ndachulukitsa kasanu.

Nthawi yowerengera

Lolemba mpaka Lachisanu: 4:30 mpaka 5:30 m'mamawa. Loweruka: 2 koloko mpaka 4 koloko masana. Lamulungu: ola limodzi tikabwera kutchalitchi ndi kudya, longobwereza basi. Pa sabata ndi maola 8, onse pamodzi 96.

Usiku ndinayeserapo chaka chatha, zinakanika. Ndikaweruka mutu umakhala wodzaza ndi malisiti, kenako kuphika, kenako homuweki ya ana, ndipo ndinkagona kope lili pachifuwa. M'mamawa nyumba ili zii, palibe wondiitana. Kuzizira kwa mu Juni ndikukudziwa, ndiye juzi, masokosi ndi fulasiki ya tiyi ndiziika patebulo ndisanagone. Foni izigona pabalaza kuti alamu ikalira ndidzuke ndithu kukaithimitsa. Bambo a kunyumba tinakambirana. Iwo anati, "Inu werengani, madzi a ana ndiziteleka ndine." Za Loweruka masana ndawauzanso achemwali kuti ana azikacheza kwawo.

Isanafike 1 Juni ndikhale nditatsitsa silabasi, mndandanda wa matanthauzo a mawu, ndi mayeso oyeserera A, B, C ndi D pamodzi ndi mayankho ake. Zonsezi n'zaulere patsamba la ISTQB. Silabasi ndikaisindikize pamapepala kutauni, kuti magetsi akazima kapena bandulo ikatha ndisapeze chonamizira. Nyale ya sola izikhala padzuwa tsiku lililonse.

Kope lofiira n'la mawu atsopano: liwu monga lalembedwera m'silabasi, pansi pake tanthauzo m'Chichewa changa, kenako chitsanzo cha kusitolo. Ndikalephera kulifotokoza m'Chichewa ndiye kuti sindinalimve. Kope labuluu n'la mafunso amene ndalakwa.

Sabata 1 ndi 2 (1 mpaka 14 Juni): mutu woyamba

Maziko. Choyamba kusiyanitsa `error`, `defect` ndi `failure`. Wolemba pulogalamu ya malisiti waiwala kuti kasitomala angagule theka la thumba, kumeneko ndi kulakwitsa kwa munthu. Mzere wolakwika umene watsala m'pulogalamu ndi chilema. Lisiti ikatuluka ndi mtengo wabodza, ndiko kulephera kumene tikuona ndi maso. Kenako mfundo 7 za kuyesa, imodzi kapena ziwiri patsiku. Imene yandigwira mtima kale ndi yoti kuyesa kumaonetsa kuti zilema zilipo, koma sikungatsimikize kuti kulibe. N'chimodzimodzi kuwerenga sitoko: kupeza thumba long'ambika sikutanthauza kuti ena onse ndi abwino, ndipo kusalipeza sikutanthauza kuti kulibe.

Sabata 3 ndi 4 (15 mpaka 28 Juni): mutu wachiwiri ndi wachitatu

Sabata yachitatu: magawo 5 a kuyesa, kuyambira kachidutswa kamodzi ka pulogalamu mpaka pamene mwini ntchito akuilandira. Ndigwire bwino kusiyana kwa `confirmation testing` ndi `regression testing`: kwinako ukuona ngati chimene anakonza chakonzekadi, kwinako ukuona ngati pokonzapo sanawononge zina. Sabata yachinayi: kufufuza zolakwika m'zolemba pulogalamu isanayendetsedwe, mitundu 4 ya kuunikana ntchito, ndi udindo wa aliyense pa nthawiyo. Mutuwu ndi waufupi. Ndikamaliza msanga, masiku otsalawo ndiyambiretu wachinayi.

Sabata 5, 6 ndi 7 (29 Juni mpaka 19 Julayi): mutu wachinayi

Apa ndi pamene pagona mayeso, ndipo kuloweza sikuthandiza. Mafunso ambiri a pano amafuna kuti uwerengere wekha. Ndiye m'mamawa uliwonse: mphindi 20 kuwerenga, mphindi 40 bolopeni m'manja.

Sabata yachisanu ndi ya `equivalence partitioning` ndi `boundary value analysis`. Chitsanzo changa choyambira ndi ichi. Tiyerekeze kuti wogula matumba 1 mpaka 9 salandira kuchotsera, wa 10 mpaka 49 amachotseredwa K5 pa K100 iliyonse, wa 50 kupita m'tsogolo K10. Magulu ovomerezeka ndi atatu, ndipo lachinayi ndi la manambala osaloledwa, 0 kutsika m'munsi. M'gulu lililonse nambala imodzi ikuimira anzake onse, monga 5, 30, 80 ndi -2. Koma zilema zimakonda kubisala m'malire, pamene wolemba waika `>` m'malo mwa `>=`. Choncho ndiyesanso 0 ndi 1, 9 ndi 10, 49 ndi 50. Mlimi wogula matumba 10 enieni akapanda kuchotseredwa, amene adzamve madandaulo ndine ndemwe pakauntala. Silabasi ili ndi njira ziwiri zoyesera malire, ya manambala awiri ndi ya atatu. Mwa njira ya atatu, pa malire a 10 uyesa 9, 10 ndi 11, ndipo pa malire a 9 uyesa 8, 9 ndi 10. Tsiku lililonse ndizipeka chitsanzo china: zaka zolandirira ngongole, kulemera kwa belo la fodya, malikisi a ana kusukulu.

Masiku awiri oyambirira a sabatayi ndi kumapeto a mwezi, timawerenga sitoko mpaka usiku. Masiku amenewo ndidziwerengere mphindi 30 zokha.

Sabata yachisanu ndi chimodzi iyamba ndi tchuthi cha pa 6 Julayi. Tsiku limenelo ndiwerenge maola atatu m'mawa kubweza zimene sitoko inadya. Ntchito ya sabatayi ndi `decision table testing` ndi `state transition testing`. Yoyambayo ndiiyesera pa lamulo la ngongole: kodi munthu ndi membala wa kalabu ya alimi, ndipo kodi anabweza ngongole yakale? Mafunso awiri a inde kapena ayi amabala mizere 4, atatu amabala 8. Yachiwiriyo ndijambula pini ya foni: kulakwitsa koyamba, kwachiwiri, kachitatu layini n'kutsekedwa, ndi mivi yosonyeza chimene chimachitika ukalemba yolondola panjira.

Sabata yachisanu ndi chiwiri: kuyesa koyang'ana m'kati mwa pulogalamu. Sindine wolemba mapulogalamu ndipo apa ndi pamene ndikuopa kwambiri, koma chofunika ndi kutsatira njira ngati iyi:

```
if matumba >= 10:
    mtengo = mtengo * 0.95
print(mtengo)
```

Ndikayesa ndi 12 yekha, mizere yonse yayendedwa, koma nthambi ya "ayi" sinapondedwe. Pafunika ndiyesenso ndi 5. Ukaponda nthambi zonse wayenda mizere yonse, koma kuyenda mizere yonse sikutanthauza kuti waponda nthambi zonse. Masiku otsala: kuyesa kodalira zimene munthu wakumana nazo, ndi kulemba zofuna za wogwiritsa ntchito pamodzi ndi eni ake.

Sabata 8 ndi 9 (20 Julayi mpaka 2 Ogasiti): mutu wachisanu ndi womaliza

Kukonza dongosolo la kuyesa, kusankha zoyamba kuyesedwa, kuyeza chiopsezo, ndi kulemba lipoti la chilema. Pali kasamu kamodzi koyenera kukhala m'mutu, koyerekezera masiku amene ntchito itenge:

```
E = (a + 4*m + b) / 6
```

Ngati `a`, ntchito ikayenda bwino, ndi masiku 2, `m`, mwachizolowezi, ndi 4, ndipo `b`, zikavuta, ndi 12, yankho `E` ndi 5. Loweruka lililonse ndilembe malipoti awiri a zilema zenizeni za m'mapulogalamu a mufoni yanga: ndinachita chiyani sitepe ndi sitepe, ndimayembekezera chiyani, chinatuluka n'chiyani. Mutu womaliza, wa zida zoyesera, uli ndi mafunso awiri okha. M'mamawa umodzi ukwana.

Sabata 10 ndi 11 (3 mpaka 16 Ogasiti): mayeso oyeserera

Mapepala anayi aja ndisawatsegule nthawi yake isanakwane, chifukwa funso ukaliona kamodzi silikuyesanso. A ndi B sabata yoyamba, C ndi D yachiwiri, Lachiwiri m'mamawa ndi Loweruka masana. Lachiwiri ndidzuke 4:15 kuti mphindi 75 zikwane, wotchi patebulo, foni kutali. Funso lililonse lisafike mphindi ziwiri. Lovuta ndilidumphe, ndilibwerere pomaliza. Masiku enawo ndi a kope labuluu: funso limene ndalakwa, chifukwa chake, ndi tsamba la silabasi pamene pali yankho. Amene ndakhoza mongolota ndiwalembenso momwemo.

Ndidzatsimikiza tsiku la mayeso ndikapeza 32 kapena kuposerapo pa mapepala awiri otsatizana. Zikakanika, ndisuntha ndi masabata awiri. Ndalama yake ndi yakunja ndipo ndi yambiri kwa ine, sindingathe kulipira kawiri. Kuyambira malipiro a Meyi ndiziika padera mwezi ndi mwezi. Achimwene a ku Lilongwe avomera kuti ndidzalipirire pakhadi lawo, ine n'kuwabwezera makwacha.

Sabata 12 (17 mpaka 22 Ogasiti)

Palibe chatsopano, makope awiri aja basi. Mayeso ndilembera pa intaneti, woyang'anira akundiona pakamera, choncho Lolemba ndiyese kamera, maikolofoni ndi netiweki m'chipinda chimene ndidzalembere, pa ola lomwelo. Chiphaso cha unzika chikhale pafupi, laputopu yodzaza moto, bandulo yokwanira ndi simu ina yapadera. Abwana ndiwapemphe tsiku la Loweruka pa 22 kutatsala mwezi wathunthu. Lachisanu ndigone 9 koloko.

Ndikaphonya

Maliro agwa, mwana adwala, tsiku lina ndidzangolephera kudzuka. Tsiku limodzi likapita, lapita, mawa ndipitiriza pamene ndinalekera. Akafika atatu m'sabata imodzi, ola la Lamulungu likhala maola atatu. Sabata yathunthu ikapita, masiku onse asuntha ndi sabata imodzi, koma mutu wachinayi sindiudula ngakhale tsiku limodzi. Pakalendala ya pakhitchini ndizichonga tsiku lililonse limene ndawerenga, ndipo Lamulungu madzulo bambo a kunyumba aziwerenga zochongazo.